Tsitsi likuthothoka nditabereka, ndidikirebe kapena ndipite kuchipatala?

Amayi anzanga ndi inu odziwa za tsitsi, ndithandizeniko maganizo.

Mwana wanga wakwanitsa miyezi 4. Ndili ndi pakati tsitsi langa linali lambiri, chipeso chinkatuluka choyera. Dzulo ndamasula malukidwe omwe ndinakhala nawo masabata 6, ndipo tsitsi lomwe latsalira m'chipeso ladzaza dzanja. Mtima unangoti myuu!

Mchemwali wanga, yemwe ndi namwino, akuti ndisade nkhawa. Akuti tsitsi lililonse limakula kwa zaka 2 mpaka 7, kenako limaleka, n'kupuma pafupifupi miyezi 3, ndiye limagwa chifukwa latsopano likumera pamalo pomwepo. Choncho munthu wabwinobwino amataya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku. Ndawerengetsera: masiku 42 kuchulukitsa ndi 100 ndi 4,200, lonselo linakodwa m'malukidwe osagwa pansi. Akutinso mahomoni a pakati amachititsa tsitsi kupitiriza kukula, mayi akabereka lambiri limapuma nthawi imodzi n'kudzagwera limodzi.

Ndayang'anitsitsa lomwe lagwalo. Lambiri ndi lalitali, lili ndi kamutu koyera kutsinde, komwe akuti ndi chizindikiro cha tsitsi lomwe lamaliza nthawi yake. Koma lina ndi tizidutswa tifupitifupi topanda kamutu, ndipo m'mbali mwa chipumi mwayamba kuoneka khungu. Apa mpomwe sindikugwirizana naye, chifukwa wondiluka uja anakoka kwambiri.

Ndiye ndingasiyanitse bwanji kuthothoka kwa uchembere ndi kwa kukoka? Inu amene zinakuchitikirani, linabwerera mwana ali ndi miyezi ingati? Nanga ndikayezetse magazi, poti pobereka ndinataya ambiri?