Ndingapemphe bwanji kuti andichotsere chindapusa ndi kutsitsa chiwongoladzanja?

Membala wobisa dzina:
Akuluakulu, thandizeni nzeru. Ndili ndi ngongole ya K3,000,000 kubanki, ya miyezi 24, chiwongoladzanja 32 peresenti pa chaka, ndipo ndimabweza pafupifupi K171,000 pa mwezi. Miyezi 13 ndabweza pa tsiku lake. Mwezi wa 14 ndachedwa chifukwa amene ndinawagulitsa katundu anachedwa kundilipira. Ndalipira ya mweziwo, koma andiikira chindapusa cha K31,000. Kodi ndingapemphe kuti achichotse, komanso kuti anditsitsire chiwongoladzanja poona mbiri yanga? Ndiyambire pati?

Wa ku Ndirande:
Chindapusa yesani, koma za chiwongoladzanja musadzivute. Amene amakhazikitsa ndi Reserve Bank, ndiye bwana wa nthambi alibe mphamvu yosintha.

Mayi a maakaunti:
Achimwene a ku Ndirande, mwalondola mbali imodzi yokha. Reserve Bank imakhazikitsa mulingo wake, womwe mu 2024 unafika pa 26 peresenti, ndipo umakoka zonse. Koma chiwongoladzanja cha ngongole yakubanki kawirikawiri chimakhala ndi zigawo ziwiri. Pali refarensi reti yomwe imalengezedwa mwezi ndi mwezi kudzera ku Bankers Association of Malawi, ndipo iyoyo ndi imodzi kwa aliyense. Pamwamba pake banki imaonjezera maperesenti akeake molingana ndi mmene ikukuonerani, ngati ndinu wodalirika kapena wokayikitsa. Gawo loonjezerali ndi lomwe mungakambirane. Inu mwafunsanu, tsegulani kalata yomwe munasaina potenga ngongole, muone mzere wa chiwongoladzanja. Ngati palembedwa refarensi reti kuphatikiza maperesenti akutiakuti, khomo lilipo ndithu.

Komabe tiyeni tiwerengere kaye musanathere mphamvu pamenepo. Mwabweza miyezi 14, ndiye mpamba wotsala ndi pafupifupi K1,480,000, wa miyezi 10. Tinene kuti akukomerani mtima, atsitsa kuchoka pa 32 kufika pa 30. Ya pamwezi itsika ndi K1,500 yokha, ndipo pofika kumapeto mudzakhala mutapulumutsa pafupifupi K15,000. N'chifukwa choti chiwongoladzanja chimawerengedwa pa ndalama yotsala, ndipo chochuluka munachilipira kale kumayambiriro pomwe ngongole inali yaikulu. Chindapusa chanucho ndi K31,000, kuwirikiza kawiri. Ndiye pempho lalikulu likhale la chindapusa. Maperesenti awiri omwewo mukawapeza pa ngongole yatsopano ya K3,000,000 ya miyezi 24, mupulumutsa pafupifupi K75,000. Mbiri yanu yabwino ili ndi mtengo waukulu pa ngongole yotsatira kusiyana ndi iyi.

Membala wobisa dzina:
Zikomo amayi. Nanga kalatayo ndilembemo chiyani, ndipo ndikapereke kwa ndani?

Mayi a maakaunti:
Musanalembe, katengeni sitetimenti ya akaunti ya ngongole yeniyeniyo, osati ya akaunti yomwe mumasungako ndalama. Pamenepo muona kuti K31,000 ija yapangidwa ndi chiyani. Nthawi zambiri mumakhala zinthu ziwiri: chiwongoladzanja cha chilango pa masiku omwe munachedwa, ndi ndalama yomwe amadula akayesa kutenga ya pamwezi n'kupeza muakaunti mulibe zokwanira. Fananizani ndi zomwe zili mu mgwirizano wanu. Ngati chilango chinayenera kukhala pa K171,000 yomwe inachedwa koma iwo awerengera pa ngongole yonse yotsala, limenelo si pempho ayi, ndi dandaulo loti akonze.

Kalatayo ikhale ya tsamba limodzi, yopita kwa manijala wa nthambi kudzera kwa ofisala amene amayang'anira ngongole yanu. Lembani nambala ya akaunti ya ngongole, tsiku lomwe munayenera kulipira, tsiku lomwe munalipira, ndi chifukwa chake m'mizere iwiri basi. Kenako nenani kuti miyezi 13 yotsatizana munabweza pa nthawi yake, ndipo zotsalira mwamaliza. Tchulani ndalamayo ndi dzina: "Ndikupempha kuti mundichotsere chindapusa cha K31,000." Musalembe zoti "mundiganizireko", chifukwa ofisala sangapite nacho kwa akuluakulu ake chinthu chopanda nambala. Phatikizani sitetimenti mutalemba mzere pansi pa miyezi 13 ija, komanso invoisi ndi umboni wa tsiku lomwe wogula uja anakulipirani. Sindikizani makope awiri, lina akudindireni chidindo cha tsiku mubwerere nalo. Lonjezo la pakamwa pa kauntala silisintha kanthu mu kompyuta, ndipo ofisala akasamutsidwa limapita naye.

Bambo wa ku Mzimba:
Ine ndikuona kuti mungopempha akuonjezereni miyezi, ya pamwezi itsike kufika mwina K120,000. Anthu ambiri akupuma nazo.

Wa zangongole ku Limbe:
Bambo, limenelo ndi yankho la munthu amene walephera kubweza, pomwe awa akutha. Kutalikitsa miyezi kumachepetsa ya pamwezi koma chiwongoladzanja chonse chimakwera, mwinanso n'kulipira ndalama ina yokonzera mgwirizano watsopano. Komanso ngongole yokonzedwanso imaoneka ngati inavutapo, zomwe zifooketsa mbiri yomwe akufuna kuyimirapo.

Chomwe ndikufuna kuchenjeza ndi cha mwezi wamawa. M'migwirizano yambiri, ndalama ikalowa amayamba kuchotsa chindapusa, kenako chiwongoladzanja, mpamba pamapeto. Ndiye mukaika K171,000 yokha, K31,000 ipita ku chindapusa, ndipo ya mweziwo iperewera ndi ndalama yomweyo. Inu muziti mwalipira, koma mabuku awo azionetsa kuti mwachedwanso, ndipo chilango china chiyamba. Chizindikiro chake n'choti sitetimenti imaonetsabe zotsalira mwezi uliwonse. Ine ndinganene kuti lipirani chindapusacho tsopano, mulembe m'kalata kuti mwalipira podikira yankho, ndipo akavomera achibwezere ku ngongole.

Mayi a maakaunti:
Apo pokha ndikusiyana nanu pang'ono. Ndalama yomwe yalowa kale m'mabuku a banki ngati phindu imavuta kutuluka kusiyana ndi yomwe sinalipiridwe. Ngati tsiku lolipira likadali kutali ndi masabata awiri kapena atatu, aperekeretu kalata mawa lomwe, afunse kuti yankho lituluka liti. Tsiku likayandikira yankho lisanabwere, pamenepo aike K202,000 kuti asagwe m'dzenje mwanenalo.

Wa zangongole ku Limbe:
Zitengera mmene nthambiyo imachitira changu. Kwina pempho lotere limapita kulikulu, ndiye masabata atatu sangakwane.

Wa ku Ndirande:
Akakana mukawanenere ku Reserve Bank basi.

Wa zangongole ku Limbe:
Ku Reserve Bank amalandira madandaulo ngati akudulani mosemphana ndi mgwirizano kapena ndalama yomwe sanakuuzeni, ndipo muyenera kuyamba mwadandaula kubanki kwanu komweko. Koma kuchotsa chindapusa chomwe munasainira ndi chifundo cha wobwereketsa, sangakakamizidwe. Chinanso, kuchotsa chindapusa sikufufuta zoti munachedwa. Mbiri ya kabwezedwe imatumizidwa ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole monga Credit Data, choncho pakapita miyezi iwiri kapempheni lipoti lanu muone ngati akuonetsa kuti zotsalira munamaliza.

Membala wobisa dzina:
Ndayang'ana kalata ija, palembedwadi refarensi reti kuphatikiza zoonjezera. Tsiku lolipira latsala ndi masiku 16. Za kutsitsa chiwongoladzanja ndiziike m'kalata yomweyo kapena ndilembe ina?

Mayi a maakaunti:
Lembani ina, ndipo muidikirire. Mukaphatikiza, pempho lovutalo lichedwetsa losavuta, chifukwa osaina ake sakhala amodzi. Bwezani miyezi itatu yotsatira pa tsiku lake, kenako mukafunse kubanki ina kapena ku SACCO kuti angakupatseni ngongole pa maperesenti angati, akulembereni. Pepala limenelo mupite nalo pokambirana za ngongole yatsopano.