Kodi kalata yopempha banki kuti indichotsere chindapusa cha ngongole ndiilembe motani?

Membala wosatchula dzina:

Ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa za mabanki. Ndili ndi ngongole yomwe ndimabweza K210,000 pamwezi, ndipo banki imadula yokha ndalamayi mu akaunti yanga pa 27 mwezi uliwonse, popeza malipiro athu amalowa pa 25. Mwezi wa Juni malipiro anachedwa kuntchito kwathu konse mpaka pa 8 Julayi. Atangolowa, banki inatenga K210,000 yake, komanso inadulanso K38,500 yomwe kalaliki wa pakauntala anangondiuza kuti ndi chindapusa. Chiyambireni ngongoleyi sindinaphonyepo, ndipo ndalama imeneyi ndi yomwe ndikanalipira mayendedwe a ana opita kusukulu. Ndikufuna kulemba kalata yopempha kuti andibwezere, koma sindikudziwa kuti ndilembere ndani, ndinene chiyani, komanso ngati mabanki amamvera n'komwe pempho lotere.

Bambo a Yamikani:

Achimwene, musapemphe ngati kuti mwalakwa. Kuchedwa kwa malipiro si mlandu wanu, choncho banki iyenera kubweza ndalamayo. Ikakana, pitani ku Banki Yaikulu ya Malawi, ndiyo imayang'anira mabanki onse ndipo imalandira madandaulo a makasitomala.

Mayi Nachisale:

Bambo a Yamikani anena zoona kuti Banki Yaikulu imalandira madandaulo, koma pa mfundo yakuti banki ikukakamizidwa kubweza, ndikupempha kutsutsana nawo. Ndinagwirapo ntchito mu ofesi ya ngongole, ndipo mgwirizano umene munthu amasayina umakhala wa iye ndi banki, pamene olemba ntchito sakhalamo. Ngati chindapusacho chinalembedwa mu mgwirizanowo, banki sinalakwe pochidula, ndipo kuchichotsa ndi chisankho cha akuluakulu a nthambi kapena a ku likulu. N'chifukwa chake kalata yomwe imayamba ndi kuopseza imavuta kuthandiza, chifukwa woilandira amangoyankha ndi ndime ya mgwirizano basi.

Musanalembe chilichonse, achimwene, pitani mukatenge sitetimenti ya akaunti yanu komanso ya ngongoleyo, kuyambira pa 25 Juni mpaka lero. Ndikukayika ngati K38,500 imeneyi ndi chinthu chimodzi. Kawirikawiri pamakhala ndalama yolipiritsa chifukwa chakuti makina anayesa kudula n'kupeza akaunti ilibe kanthu, ndiyeno pamakhala chiwongoladzanja cha masiku omwe ndalama inachedwa. Ziwirizi sizikhululukidwa mofanana, choncho tiuzeni kaye zomwe zalembedwa pa mzere uliwonse.

Che Amidu:

Ine ndinganene kuti muiwale zimenezo, chifukwa banki sikhululuka ngongole. Mlamu wanga atachotsedwa ntchito analemba makalata kuti amuchotsere ngongole yake, koma mpaka lero akumulondolabe.

Mayi Nachisale:

Che Amidu, nkhani ya alamu anu ndi yomvetsa chisoni, koma ndi yosiyana. Mnzathuyu sakupempha kuti ngongole ifafanizidwe, ndipo gawo la mwezi umenewo walipira kale lonse. Akupempha za chindapusa chokha.

Membala wosatchula dzina:

Zikomo mayi. Ndatenga sitetimenti, ndipo zili monga munanenera. Pali K15,000 ya pa 27 Juni, K15,000 ina ya pa 1 Julayi, zonse zolembedwa kuti kudula kunakanika, kenako K8,500 ya chiwongoladzanja cha kuchedwa.

Mayi Nachisale:

Tsopano kalata yanu yapeza poimira. Mphamvu zanu zonse ziikeni pa K30,000 ya kudula kokanikako, makamaka K15,000 yachiwiri, chifukwa mwalipiritsidwa kawiri pa gawo limodzi la ngongole, ndipo ndi bwino kuona mu mgwirizano wanu ngati munalembedwa kuti banki ingayesenso kachiwiri n'kulipiritsanso. Ngati mulibe zimenezo, pamenepo simukupempha chifundo chokha, mukufunsa chinthu choyenera kuyankhidwa. K8,500 mukhoza kuitchula, koma musaidalire kwambiri, popeza banki idzanena kuti ndalama yake inakhaladi kwa inu masiku amenewo.

Kalatayo ilembedwe kwa manijala wa nthambi yomwe munatengera ngongole, ndipo isapitirire tsamba limodzi. Makalata otere ambiri amalembedwa m'Chingerezi, koma mfundo zake ndi izi: pamutu muike nambala ya akaunti ndi ya ngongole, ndipo ndime yoyamba inene pempho lenilenilo musanafotokoze mavuto. Mwachitsanzo: "Ndikupempha kuti mubweze mu akaunti yanga K15,000 yodulidwa pa 27 Juni ndi K15,000 yodulidwa pa 1 Julayi. Malipiro anga, omwe amalowa mu akaunti yomweyi pa 25 mwezi uliwonse, analowa pa 8 Julayi chifukwa cha kuchedwa kwa olemba ntchito, ndipo gawo lonse la ngongole linalipidwa tsiku lomwelo." Mukatero mutchule kuti aka n'koyamba kuphonya, zomwe iwo angathe kutsimikiza m'mabuku awo. Za ana ndi sukulu ndikuzimvetsa, koma chiganizo chimodzi chikwanira, chifukwa wovomereza amafuna chifukwa chomwe angalembe m'fayilo n'kuchiteteza kwa omuyang'anira.

Chimene chimapatsa kalata yotere mphamvu ndi umboni wochokera kuntchito. Pemphani a ofesi ya zachuma kapena yoona za antchito akulembereni kalata yaifupi ya papepala la kampani, yosayinidwa ndi kudindidwa, yonena tsiku lomwe malipiro amayenera kulowa ndi tsiku lomwe anatumizidwadi. Ndinaonapo mapempho abwino akungokhala mu thireyi patebulo chifukwa chosowa pepala limodzi limeneli. Mukapereka kalata, mutenge kope lachiwiri kuti akudindireni tsiku lolandirira, ndipo mufunse kuti yankho liyembekezeke liti.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu:

Ndiwonjezere zomwe zinandichitikira. Chindapusa anandichotsera gawo lina, koma nditafuna ngongole kwina patapita nthawi, ndinauzidwa kuti mbiri yanga ikuonetsa kuti ndinachedwapo kubweza. Mabanki amatumiza mbiri ya obwereka ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, omwe lamulo lawo linakhazikitsidwa m'chaka cha 2010. Choncho m'kalata yomweyo mufunse ngati kuchedwaku kwatumizidwa kumeneko. Ine ndinapemphanso kuti tsiku lodula lisunthidwe lifike kumayambiriro kwa mwezi, kuti malipiro akachedwa pang'ono ndisagwerenso m'vuto lomweli.

Mayi Nachisale:

Aphunzitsi akumbutsa chinthu chofunika. Komabe tisalonjeze zambiri, chifukwa ngati kuchedwako kunachitikadi, banki singakakamizidwe kufufuta mbiri yoona, ngakhale ingathe kukupatsani kalata yofotokoza chomwe chinachititsa. Za kusuntha tsiku, mufunse kaye ngati kutero kukuwonjezera chiwongoladzanja kapena kukufuna mgwirizano watsopano. Banki ikakana kapena ikangokhala chete, mulembere ofesi yake ya madandaulo, ndipo Banki Yaikulu ibwere pambuyo pake muli ndi makope onse m'manja.

Bambo a Yamikani:

Ndamva, ndipo ndavomereza za ndondomekoyo. Koma mtima wanga sunakhazikikebe, chifukwa amene anachedwetsa malipiro sakutayapo kanthu. Ndikanakhala ine, banki ikakana, ndikanapereka sitetimentiyo kwa abwana kuti abweze K38,500 yonse.

Membala wosatchula dzina:

Ndathokoza nonse. A ofesi ya zachuma avomera kulemba kalata ya umboni mawa, ndipo apezeka anzanga ena kuntchito omwe anadulidwanso ku banki yomweyi. Mayi Nachisale, kodi ndi bwino kuti tilembe kalata imodzi tonse pamodzi, kapena aliyense alembe yake n'kuphatikizapo kope la umboni womwewo?