Kalata yopempha chilolezo cha kaganyu ka Loweruka, ndilembemo chiyani?

Kalaliki wa ku Limbe: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimagwira ntchito ya zowerengera ndalama pa kampani ina yogulitsa simenti, malata ndi zipangizo zina zomangira. Mayi wina amene ali ndi sukulu ya mkaka kwathu kuno wandipempha kuti ndizimulembera mabuku a ndalama Loweruka masana: fizi yolowa, malipiro a aphunzitsi ndi marisiti a zogula. Mu kontirakiti yanga muli ndime yoti wantchito asagwire ntchito ina yolipidwa popanda chilolezo cholembedwa ndi bwana wamkulu. Ndayamba kalata motere: "Chifukwa cha kukwera mitengo kwa zinthu, malipiro anga sakukwanira, choncho ndikupempha kuti mundilole ndizigwira maganyu pa nthawi yanga yopuma." Kodi ili bwino?

Wa maakaunti ku Kanengo: Achemwali, mukuvutikiranji? Mukaweruka nthawi ndi yanu. Lamulo la zantchito la 2000 limati maola ogwira ntchito ndi 48 pa sabata, otsalawo bwana alibe nawo gawo. Ingoyambani, kalata ingodzutsa nkhani yomwe inali chigonere.

Mayi woona za antchito: Achimwene, za maola 48 mwanena zoona, koma amenewo ndi malire a maola amene bwana angakugwiritseni ntchito mwa nthawi zonse. Safafaniza ndime imene munthu anasayinira yekha. Mnzathuyu akayamba mwakachetechete n'kudziwika, mlandu wake sudzakhala wa ganyu ayi, udzakhala woswa kontirakiti ndi kubisa. Inde lamulo lomwelo limafuna kuti bwana akhale ndi chifukwa chomveka komanso amve mbali yanu asanakuchotseni, koma mukadzafika ku khoti loona za antchito adzangotsegula ndimeyo n'kufunsa kuti kalata ya chilolezo ili kuti.

Tsopano kalatayo, mchemwali wanga. Chiganizo cha malipiro chichotseni chonse. Bwana akangowerenga kuti malipiro sakukwana, amamva dandaulo, ndipo poti inu mumagwira ndalama za kampani amayambanso kukuyang'anani ndi diso lina. Mawu oti "maganyu" nawonso ndi otambalala kwambiri. Palibe bwana angasayinire chinthu chimene sakudziwa polekezera pake. Pemphani chilolezo cha ntchito imodzi: kwa ndani, ntchito yanji, tsiku liti, kuyambira nthawi yanji mpaka nthawi yanji. Koma ndisanapitirire ndifunse: sukuluyo imagula katundu ku kampani yanu?

Kalaliki wa ku Limbe: Mayi, imagula. Akumanga kalasi ina ndipo simenti ndi malata anatenga kwathu pa ngongole. Akaunti yawo ili m'buku la angongole lomwe ndimayendetsa ineyo. Mayiyo ndinadziwana naye pomwepo, akubwera kudzalipira.

Mayi woona za antchito: Ndiye nkhani yagona pamenepo, osati pa maola. Taganizani: Lachisanu mukulemba kalata yokumbutsa sukuluyo ngongole, Loweruka muli patebulo la sukulu yomweyo kuona kuti mwezi uno alipire ndani, adikire ndani. Ngakhale mutakhala wokhulupirika chotani, tsiku limene ngongoleyo idzachedwe kapena risiti imodzi idzasowe, chala chidzaloza inu. Zimenezi muzinene nokha m'kalata, bwana asachite kuzitulukira, ndipo mupereke njira yake. Ngati ku ofesi kwanu mumalemba m'Chingerezi mumasulira, koma thupi la kalata likhale chonchi:

"Motsatira ndime ya kontirakiti yanga yokhudza ntchito zapadera, ndikupempha chilolezo cholemba mabuku a ndalama a sukulu ya mkaka yakutiyakuti, Loweruka lililonse kuyambira 2 koloko mpaka 5 koloko masana, kwa miyezi 6 kuyambira tsiku lakuti. Ndikudziwitseni kuti sukuluyi ili ndi akaunti ya ngongole ku kampani ino, ndipo ndikupempha kuti akauntiyo ipatsidwe kwa kalaliki wina pa nthawi yonseyi. Sindidzagwiritsa ntchito kompyuta, foni, mapepala kapena nthawi ya kampani, ndipo sindidzaulula za mitengo kapena za makasitomala athu. Loweruka limene kampani idzandifune, monga powerenga katundu kumapeto kwa mwezi, ntchito ya kampani ndiyo idzayambe. Ndipempha yankho lolembedwa ndisanayambe."

Miyezi 6 imeneyo ndaiikamo dala. Bwana savutika kuvomera chinthu chimene akudziwa kuti adzachionanso. Ikani nambala ya ndimeyo, lemberani munthu amene kontirakiti yatchula, osati amene mumagwirizana naye, ndipo pepala lina lisayinidwe ndi kudindidwa kuti alandira, musunge kunyumba.

Mphunzitsi wa maakaunti ku sekondale: Ine yanga ndinalembera ahedi pomwe ndinkafuna kuphunzitsa makalasi a madzulo, ndipo inachita kudutsa ku maofesi angapo. Achemwali, musaiwale kuidutsitsa kwa amene amakuyang'anirani, aikepo ndemanga yake. Mutchulenso giredi yanu ndi nambala ya ntchito.

Kalaliki wa ku Limbe: Zikomo aphunzitsi, koma kwathu si m'boma, za magiredi kulibe. Kudutsitsa kwa akawuntanti wathu wamkulu ndiye ndichitadi, chifukwa ndi iyeyo angasankhe wolandira akauntiyo. Mwina ndiyambe ndalankhula naye pakamwa.

Mkulu wopuma pa ntchito ya oditi: Lankhula naye kaye, mwana wanga, kalata isamudzidzimutse. Koma ine sindikukhutira kuti kupereka akaunti kwa mnzako kukwanira. Mu ofesi ya makalaliki awiri kapena atatu, nonse mumalowa mu sisitimu imodzi, ndipo mnzako akapita ku maliro marisiti ake umalemba ndiwe. Ndikanakhala bwana wako ndikanati dikira sukuluyo imalize ngongole. Ufunse mayiyo kuti yatsala zingati. Ngati angamalize mwezi wamawa, lemba kuti udzayamba ngongole ikatha, ndipo kalata yako idzapepuka kwambiri.

China, m'kalatamo lemba ntchitoyo monga ilili, kulemba mabuku basi. Tsiku lina mayiyo adzafuna ngongole ku banki n'kukuuza kuti usayinire malipoti a chaka ngati wawafufuza. Imeneyo ndi ntchito ya anthu okhala ndi chiphaso chogwirira ntchito kwa anthu, ndipo za chiphasocho ufunse ku ICAM, bungwe la akatswiri a zowerengera ndalama m'Malawi. Chilolezo cha bwana wako sichifika kumeneko.

Wa maakaunti ku Kanengo: Chabwino, za ngongolezo sindimadziwa. Nanga bwana akangokhala chete milungu iwiri? Kukhala chete si kuvomera kumeneko?

Mayi woona za antchito: Ayi achimwene. Ndime ikuti chilolezo cholembedwa, ndiye ngakhale bwana atanena pakhonde kuti "pitirizani", apempheni alembe mawu omwewo pa kalatayo n'kusayina. Mabwana amasintha, wobwerayo adzangoona zomwe zili mu fayilo. Pakadutsa sabata, kumbutsani ndi kakalata kafupi kotchula tsiku limene analandira yoyamba.

Kalaliki wa ku Limbe: Nanga ndalama zimene azindilipira nditchule?

Mayi woona za antchito: Nenani kuti ndi ntchito yolipidwa, chiwerengero mudikire afunse.

Mkulu wopuma pa ntchito ya oditi: Apa ine ndisiyana nanu, mayi. Poti wolipirayo ndi kasitomala wa kampani, ndalama iliyonse yochoka kwa iye kupita kwa kalaliki wathu iyenera kudziwika kuchuluka kwake, ndipo izidzera ku banki kapena pa foni, osati pamanja.

Kalaliki wa ku Limbe: Ndamuimbira mayi uja. Akuti ngongole yatsala magawo awiri, koma kalasi ikatha akufuna kutenganso simenti ya mpanda. Ndiye akauntiyo siitsekedwa msanga. Lolemba ndikaonana ndi akawuntanti wathu ndi kalata yotchula zonsezi, za mpanda zomwe.