Kasitomala wanga akutumiza ndalama za "chuma cha masiye", ndimukanize?

Ejenti wa pa Kamuzu Road: Anzanga, ndithandizeni nzeru. Pali bambo ena ogula usipa ku Senga Bay, makasitomala anga akale. Lolemba anatumiza K150,000, Lachinayi K280,000, lero abwera ndi K600,000 ya katapila. Akuti mayi wamasiye wa ku Abidjan, m'dziko la Ivory Coast, ali ndi madola 4 miliyoni kubanki, akufuna munthu woopa Mulungu woti alandire, iwo adzatengepo gawo. Yoyamba inali ya loya, yachiwiri ya msonkho, ya leroyi akuti ndi ya satifiketi yosonyeza kuti si ndalama za zigawenga. Ndawanamiza kuti fuloti yatha, abwerenso madzulo.

Mnyamata wa ku Chipoka: Aja onena kuti ndatumiza molakwika, mundibwezere? Ingowauzani aone balansi.

Ejenti wa pa Kamuzu Road: Ayi achimwene, awa sanalandire kanthu. Akupereka okha, mokondwa.

Mayi wa ku Dwangwa: Ndi 419 imeneyo, dzinalo linachokera pa gawo 419 la malamulo a milandu ku Nigeria. Chuma chenicheni cha masiye, zolipira loya ndi msonkho zimadulidwa pa chumacho. Munthu wa madola 4 miliyoni angasowe K150,000 mpaka kupempha wa usipa? Musawatsutse pamaso pa anthu, achita manyazi n'kukatumizira kwina. Akhazikeni pansi, aoneni mameseji onse atatu. Mayiyo amalemba pa nambala ya +225 ya ku Ivory Coast, koma ndalama zikupita pa nambala za konkuno, eti? Lowetsani nambala ya leroyo, dzina likatuluka musaike PIN, aonetseni. Nthawi zambiri mayina amakhala osiyanasiyana, chifukwa ndi anthu olembedwa ganyu yongotapa. Afunseni kuti loya mmodzi ali ndi mayina angati.

Bambo a ku Khombedza: Imbani kukampani azibweza zonse, ine anandibwezerapo.

Mayi wa ku Dwangwa: Zanuzo zinali zisanatapidwe, bambo. Za Lolemba zinatuluka tsiku lomwelo. Koma imbanibe mupereke manambala ndi ma ID a mameseji, mwina n'kutseka akauntizo, ndipo eni ake akadandaule kupolisi. Muwachenjezenso kuti akasiya kulipira kudzabwera wina wodzitcha wapolisi wakunja, wolonjeza kubweza K430,000 ija akalipira kaye kena kake. Ndi gulu lomwelo.

Mnyamata wa ku Chipoka: Komatu ndalama ndi zawo. Mukakana apita pa benchi ina, komishoni adye wina.

Ejenti wa pa Kamuzu Road: Ndaona m'buku langa, mayina ndi awiri osiyana, la leroli lachitatu. Sinditumiza. Nanga mwana wawo ndimamudziwa, ndimuuze?

Bambo a ku Khombedza: Zinsinsi za kasitomala zimenezo, mungapalamule. Auzeni abwere naye okha.

Ejenti wa pa Kamuzu Road: Akuti mayi uja anawalumbiritsa kuti asauze aliyense, ngakhale akazi awo. Ndikuwaona akutsika kabaza, ndibweranso.