Mahedifoni oyera awa ndi mtundu wanji? Kamodzi kanatayika

Mayi wa ku Ngabu:
Muli bwanji nonse pagulu pano. Ndithandizeni nzeru. Achimwene anga anabwera ndi mahedifoni opanda chingwe kuchokera ku Joni, ogwiritsidwapo kale ntchito, opanda katoni kapena kapepala kalikonse. Kakumanzere kanagwa ndili pa kabaza ndipo sikanapezeke. Ndiye pamsika pali mnyamata amene ali ndi kamodzi kakumanzere, koyeranso, akuti ndikagule kakakwana. Ine sindikufuna kutaya ndalama ndisanadziwe kuti angawa ndi mtundu wanji. Kamera ya foni yanga inachita chifunga, ndiye ndingofotokoza. Ndi oyera, ali ndi kamchira kakafupi kolozera pansi, kumutu kulibe kalabala, ndi pulasitiki yokhayokha. Kabokosi kotchajira ndi kotambalala, m'mbali n'kokulirapo kusiyana ndi msinkhu wake, kagetsi kali kutsogolo, kumbuyo kuli kabatani kozungulira. Tchaja ya foni yanga sikulowa, ndimachita kubwereka ya iPhone kwa aneba. Dzina la kampani silikuoneka paliponse kunjaku.

Mnyamata wa pa Dyeratu:
Amenewo ndi AirPods Pro amayi, osavutika. Kabokosi kotambalala ndi Pro basi. Timalabala tinangotayika, mugule tina.

Wokonza mafoni ku Nchalo:
Aise, mwalasa theka. N'zoona kuti Pro kabokosi kake n'kotambalala, koma si yekha. Tiyeni tiyambire kukhutu, amayi, chifukwa n'kumene zimasiyana msanga.

Tengani kotsalako muyang'ane mbali imene imaloza m'khutu. AirPods Pro ikachotsedwa kalabala imaoneka yoduka: pamatsala kasefa kakuda kooneka mozungulira motalikirako, kokhala ndi kamkombero pamene kalabala kamagwirira mpaka kumveka kuti thapu. Mukaika m'khutu chonchobe sikhazikika, ndipo mawu ake amakhala opyapyala. Koma ngati mutu wake uli wonenepa, wosalala, wotha bwinobwino, kasefa kali m'kati mwa pulasitiki popanda pogwirira kanthu, ndiye kuti sanapangidwe kuti akhale ndi labala. Oyera a Apple a kamchira kakafupi opanda labala alipo awiri: AirPods 3 a 2021 ndi AirPods 4 a 2024. A 4 amatchajidwa ndi tchaja ya Type-C ndipo kumbuyo alibe kabatani. Inu mwati tchaja ndi ya iPhone ija yopyapyala, kabatani kalipo. Ndiye maonekedwe akuloza ku 3.

Ndati maonekedwe. Ngati ali enieni kapena okopera ndi nkhani ina.

Mphunzitsi wa ku Bangula:
Anga ndi oyeranso opanda labala koma kamchira n'kotalika, kabokosi n'koimirira. Ndiye anga ndi a chiyani? Pepani amayi ndalowerera funso lanu.

Wokonza mafoni ku Nchalo:
Aphunzitsi, amenewo ndi maonekedwe a AirPods oyamba a 2016 kapena achiwiri a 2019. Awiriwo ndi maso simungawasiyanitse. Kagetsi kakakhala m'kati, pakati pa timahedifoni mukatsegula chivundikiro, ndi kabokosi wamba. Kakakhala kutsogolo ndi kaja kotha kutchajidwa pongokagoneka pa tchaja yopanda chingwe. Komatu mtundu umenewo ndiwo unakoperedwa kwambiri. Mukaona pa Bluetooth pakutuluka dzina ngati i12 kapena i7s, dziwani kuti si Apple.

Mlonda wa usiku, Nsanje boma:
Ine ndimangoti gulani aakulu ovala kumutu aja, ophimba khutu lonse. Satayika. Tinthu tating'onoting'ono timeneti n'tongowonongetsa ndalama.

Mtsikana wa ku Miseu Folo:
Ankolo, ophimba khutu mwezi wa Okutobala kuno kuchigwa? Thukuta lake mungapirire? Ndinali nawo, chikopa cha pa siponji chinayamba kusupuka n'kumandisiyira tizidutswa takuda m'masaya. Komanso amayi sanafunse zogula atsopano.

Mayi wa ku Ngabu:
Zikomo achimwene a ku Nchalo. Ndayang'ana, mutu wake ndi wosalala, palibe pogwirira labala. Pa kamchira pali pena pophwatalala ngati panadindidwa ndi chala. Koma kabokosi ndingatsimikize bwanji? Ine sindinaonepo Pro ndi maso kuti ndifananize.

Wokonza mafoni ku Nchalo:
Pophwatalalapo ndi pofinya. Pa enieni mumatsina kamchira pamenepo kuti nyimbo iime kapena kuti muyankhe foni, ndipo m'khutu mumamveka kaphokoso kakang'ono. Okopera ambiri pamangokhala chizindikiro, amamvera kukhudza kapena kugogoda pamutu. Yesani: nyimbo ikulira, khudzani chabe osatsina. Ikaima, yambani kukayikira.

Za kabokosi, bwerekani rula ya mwana wa sukulu muyeze m'mbali kuchoka kumanzere kufika kumanja. Ka AirPods 3 ndi masentimita pafupifupi 5.4. Ka Pro ndi 6 ndi kakang'ono pamwamba. Ka 4 ndi 5. Ka aphunzitsi koimirira kaja ndi 4.4. Theka la sentimita pa rula limaoneka bwino, simungaphonye.

Kenako tsegulani chivundikiro, muyang'ane m'kati mwake, m'timaenje momwe mitu ya timahedifoni imalowa mukatseka. Muli timalemba totuwa tating'ono kwambiri. Pitani panja padzuwa, kapena muunike ndi tochi cham'mbali. Mukufuna nambala yoyamba ndi A. Kabokosi ka 3 ndi A2566 kapena A2897. Ka Pro yoyamba ndi A2190. Pa kahedifoni kenikeniko, kunsi kwa mutu, palinso nambala: a 3 amakhala A2564 kapena A2565.

Mnyamata wa pa Dyeratu:
Chabwino, za 3 ndamva. Koma njira yachidule ndi kutsegula kabokosi pafupi ndi iPhone. Chithunzi chikatulukira pa sikirini ndiye kuti ndi enieni, nkhani yatha.

Wokonza mafoni ku Nchalo:
Kale zinali choncho. Pano okopera amatulutsanso chithunzicho, mabatire n'kuoneka bwinobwino, ndipo nambala zija amazisindikizanso. Chithunzi chikapanda kutuluka ndi umboni woipa, koma chikatuluka sichitsimikiza kanthu. Nambala imatithandiza kudziwa kuti chinthucho chikudzitcha ndani, basi. Ine pa benchi panga ndimayang'ana zina. Hinjesi ya kumbuyo pa enieni ndi yachitsulo, chivundikiro sichigwedezekera m'mbali mukachikankha ndi chala. Timasefa takuda pa enieni ndi mabowo enieni. Pa okopera otchipa tina timangokhala utoto, mukapalasa ndi chikhadabo n'posalala. Ndipo chachikulu: AirPods enieni alibe getsi lililonse pa kahedifoni. Getsi lili pa kabokosi pokha, ndipo limayaka loyera, lobiriwira kapena lachikasu chofiirira. Mukaona kahedifoni kakuphethira kofiira ndi kabuluu, musafunsenso munthu.

Bambo wa ku Marka:
Ine anga alibe mchira n'komwe. Akuoneka ngati nyemba, mtundu wa mkuwa wonyezimira, kabokosi ka ngodya zinayi kotsegukira m'mwamba. Ndinawagula kwa munthu wochokera ku Mozambiki. Ana akuti ndi zothandizira kumva za agonthi, akundiseka.

Mtsikana wa ku Miseu Folo:
Kkkk ayi bambo, amenewo ndi Galaxy Buds Live a Samsung, anatuluka 2020. Palibe ena otchuka ooneka choncho. Kabokosi kokhako kakhoza kukusokonezani chifukwa Buds Pro ndi Buds2 kawo n'kofanana nako, koma iwowo ndi ozungulira ndipo ali ndi labala. Muonetsetse kuti timabowo ta sipika taloza pansi m'khutu, ambiri amavala chozondoka n'kumadandaula kuti sakumveka.

Wogulitsa matchaja pa Thabwa:
Inetu ndikuona ngati amayi ali ndi Oraimo. Kuno ambiri ndi amenewo, a michira aliponso oyera.

Wokonza mafoni ku Nchalo:
Akanakhala Oraimo dzina likanaoneka pa kabokosi, ndipo sakanafuna tchaja ya iPhone. Kabowo kotchajira kamanena zambiri. Kaja ka mbali imodzi yotambalala ina yopapatiza, ka mafoni akale, pa kabokosi kooneka ngati ka AirPods, ndi kokopera mosakayikitsa, Apple sanaikepo kotero. Type-C pa kabokosi ka maonekedwe a 3 nakonso n'kolakwika, chifukwa 3 sanatuluke ndi Type-C. Pro yachiwiri ndiye ilipo ya mitundu iwiri, ya tchaja ya iPhone ndi ya Type-C, ndipo imeneyo mumaisiyanitsa ndi Pro yoyamba poona kabowo komangirira chingwe cham'mbali ndi timabowo ta sipika kunsi kwa kabokosi.

Mayi wa ku Ngabu:
Ndabwerako. Rula ikuti 5.4 ndithu. M'chivundikiro mwalembedwa A2566, mwana wanga ndiye wawerenga. Kukhudza chabe nyimbo siikuima, mpaka nditsine. Kangaka sikayaka getsi. Koma ndapita kwa mnyamata uja, kake titakaika m'kabokosi kanga kanalowa ndithu, kungoti chivundikiro sichikutsekeka bwino, pakutsala kampata. Atakatulutsa kanayamba kuphethira kabuluu pafupi ndi mutu. Iye akuti ndi chizindikiro choti kakufunafuna kanzake.

Wokonza mafoni ku Nchalo:
Kakufunadi kanzake, koma kanzakeko si kanu. Musagule. Ndipo musakakamize kutseka chivundikiro, mungapinde timawaya ta pansi pa dzenje timene timatchaja.

Anuwo zizindikiro zonse mwatchulazi zikugwirizana ndi AirPods 3 enieni, koma sindingalumbire ndisanawagwire, okopera apamwamba amafika pamenepo. Ngati ali enieni, kakumanzere kayenera kukhala ka 3 kenikeni, ka Pro kapena ka 4 sikangagwirizane nako. Mukakapeza muike tonse tiwiri m'kabokosi, titchajike kaye, kenako chivundikiro chili chotsegula mudinikize kabatani ka kumbuyo masekondi pafupifupi 15 mpaka getsi liphethire lachikasu chofiirira kenako loyera. Mukatero mulumikizenso pa Bluetooth ngati atsopano. Getsi likakanirira pa chikasu osasintha, nthawi zambiri ndiye kuti tiwirito sitikumvana. Choncho osapereka ndalama musanayese zimenezi pamaso pa wogulitsayo. Ngati ali okopera, kusaka kamodzi n'kutaya nthawi, chifukwa ngakhale ofanana kunja m'kati amasiyana malinga ndi fakitale.

Mnyamata wa pa Dyeratu:
Koma kamodzi kenikeni mukapeza kuti kuno? Ngakhale ku Limbe n'zamwayi. Ine ndikanangomvera khutu limodzi, limagwira ntchito lokha bwinobwino.

Mtsikana wa ku Miseu Folo:
Kapena afunse achimwene awo ku Joni konko, mwina n'kosavuta. Angowatumizira nambala ili pa kahedifoni kotsalako, n'kunena kuti akufuna kolembedwa L.

Mayi wa ku Ngabu:
Ndiwauza usiku uno. Achimwene a ku Nchalo, Loweruka ndikubwera kumeneko kudzagula katundu, ndidzadutsa muwaone. Kungoona chabe mumalipiritsa?

Wokonza mafoni ku Nchalo:
Kuona n'kwaulere amayi. Mubwere nawo atatchajidwa, tchaja ya iPhone pano anabwereka sanabweze.

Mphunzitsi wa ku Bangula:
Anga pa Bluetooth akutuluka kuti i12. Koma akulira bwino ndithu. Kabokosi kake kokha kamapezeka? Chivundikiro chayamba kugwedera.