Zija za agogo ndi katemera wa HPV: wabaya

Ndinafunsa kuti: "Agogo akukaniza mdzukulu wawo wa zaka 10 katemera wa khansa ya khomo la chiberekero, akuti ndi wotseka mimba. Ndiwafotokozere bwanji?"

Zikomo nonse amene munayankha. Ndinatsata malangizo oti ndisatsutsane nawo, ndiyambe ndi kuwafunsa chimene anamva. Anati ndi jakisoni wa kulera wobisa. Apa ndiye panali pogwira. Ndinawauza kuti jakisoni wa Depo ali ndi mankhwala oletsa dzira kukhwima, ndipo mphamvu yake imatha pa miyezi itatu, n'chifukwa chake amayi amabwerezabwereza. Ndiye jakisoni wa pamkono angatseke bwanji mimba moyo wonse? Mu katemera mulibe mankhwala amenewo, muli chifaniziro cha chikopa cha kachilombo ka HPV koyambitsa khansayi, chopanda moyo, choti thupi limuzindikire mdani akadzabwera.

Chimene chinawafika pamtima ndi bukhu la kusikelo la mwana wawo, mayi ake a mtsikanayu. Tinawerenga limodzi: BCG, poliyo, chikuku. "Amayiwa ali ndi ana angati?" Anayankha okha kuti anayi, nakhala chete kanthawi. Ndinawonjeza kuti khansayo ikagwira munthu, madokotala nthawi zina amachotsa chiberekero chonse, kubereka nkuthera pomwepo.

Mtsikanayo anabaya Lachiwiri, agogo ali pambali. Mkono unawawa masiku awiri basi.

Kwa wotsatira: auzenitu akuluakulu kuti mkono ungatupe pang'ono ndipo thupi lingatenthe, chifukwa akaziona osachenjezedwa amati mphekesera ija yatsimikizika. Ndipo mukambe muli awiri, osati pamaso pa adzukulu.