Vidiyo yanga yophunzitsa kusungunula Thanzi yasokoneza amayi, ndikonze pati?

Membala wosatchula dzina: Akuluakulu a pa gulu pano ndithandizeni, tulo sindikupeza. Ndine wodzipereka pa zaumoyo m'mudzi wina kufupi ndi Lobi kuno ku Dedza. Ndinapanga vidiyo ya mphindi zisanu ndi ziwiri yophunzitsa amayi kusungunula Thanzi ndi kumwetsa zinki mwana akamatsekula m'mimba. Anajambula ndi mlamu wanga, ndipo mpaka lero akundilonjerera ndalama ya mafuta a njinga, chonsecho ine nthawi ya maliro a bambo ake ndinapereka thumba la chimanga osawerengera. Bungwe lomwe linatiphunzitsa linalonjeza kangachepe koma miyezi itatu yatha kuli zii. Anzanga awiri a m'komiti akundinena kuti ndimadzionetsera. Tsono dzana ndapeza mayi wina amene anaonera vidiyoyi atathira paketi yonse ya Thanzi m'kapu ya tiyi, akumwetsa mwana wa miyezi isanu ndi inayi. Ndinawaletsa, tinapita naye kuchipatala, mwanayo ali bwino. Koma iwo akuti anachita zomwe anaona mu vidiyo yanga. Ambiri kuno sawerenga. Mawu onse ndinawalemba m'Chichewa chomveka. Ndiifufute kapena ndikonze pati?

Mphunzitsi Wopuma wa ku Nsipe: Vuto si vidiyo ayi. Vuto ndi lakuti tinataya sukulu za kwacha! Masiku athu mayi wa zidzukulu ankakhala pansi pa mtengo ndi choko mpaka adziwe kulemba dzina lake. Lero mukufuna kuwajambulira zithunzi ngati ana a mkaka. Pa paketi paja palembedwa zonse. Aphunzitseni kuwerenga basi.

Nangozo wa ku Lizulu: Aphunzitsi, mwana akutsekula usiku uno, mayi ake ayambe kaye a e i o u?

Mphunzitsi Wopuma wa ku Nsipe: Mayi, ndaphunzitsa zaka 34, musandiphunzitse. Mawu a akulu amakoma akagonera.

Namwino Nabanda: Achemwali ofunsa, mwachita bwino kuthamanga naye. Paketi ija inayezedwa kuti ilowe m'madzi okwana lita imodzi. Ikathiridwa m'kapu, mchere ndi shuga zimachuluka kwambiri, zimakoka madzi kuchokera m'thupi kupita m'matumbo, kutsekula kumawonjezeka, ndipo mchere ukachuluka m'magazi mwana akhoza kukomoka. Vidiyoyo musayambe mwaionetsanso. Koma tiuzeni zinthu ziwiri. Amayiwo amaionera pa chiyani, ali angati? Nanga pamene paketi ikung'ambidwa, chithunzi chotsatira chikuonetsa chiyani?

Bambo a Tadala: Mwana wanu mumupatse madzi a mpunga ndi phala lamadzimadzi, wanga anachira ndi zomwezo. Pepani ndi matenda.

Nangozo wa ku Lizulu: Werengani bwino bambo, mwana si wawo.

Jere Wojambula: Mavidiyo a pa foni ndi choncho. Pamafunika kamera yeniyeni ndi magetsi owalitsira. Ine bungwe lina linandijambulitsa mavidiyo anayi a kolera mu 2023, ndinakwera njinga yamoto mpaka ku Golomoti mvula ili pamsana, ndalama yanga theka sanandipatse mpaka lero. Mlamu wanuyo mumulipire kaye, ntchito imeneyi ndi yowawa.

Membala wosatchula dzina: A Jere, nkhani ya mlamu wangayo simukuidziwa. Iye foni yomwe anajambulirayo batire yake ndinagula ndine.

Kamnyamata ka pa Chimbiya: Ikani nyimbo ya ngoma ndi madoda atanyamula zishango, amayi aonera mpaka kumapeto 😂

Mphunzitsi Wopuma wa ku Nsipe: Ndipo ndikhulupirira Chichewa chake ndi chosokonekera. Achinyamata a lero amalemba "madzi" ngati "mazi". Mukalemba zolakwika anthu amva bwanji? Tumizani mawuwo kuno ndiwakonze ndi cholembera chofiira.

Namwino Nabanda: Aphunzitsi, munthu wosawerenga kalembedwe sikamukhudza. Chomwe chimavuta ndi Chichewa cha m'mabuku athu a ntchito. Ife timati "kuchepa kwa madzi m'thupi", mayi amamva koma saona kanthu. Mukati maso alowa, liwombo lalowa, mukatsina khungu la pamimba silibwerera msanga, mwana akulephera kuyamwa, pamenepo akuona mwana wake. Za liwombo zimafunika kunenedwa poyera, chifukwa ambiri likalowa amathamangira kukamata mankhwala pamutu, osadziwa kuti ndi madzi atha m'thupi. Achemwali, funso langa lija simunayankhe.

Wa Zaumoyo ku Mtakataka: Za lita musavutike nazo. Auzeni mabotolo atatu a zakumwa zoziziritsa kukhosi, ife tinaphunzira choncho kalekale.

Namwino Nabanda: Nzeru yogwiritsa ntchito botolo ndi yabwino, koma yang'anani nambala ili pa botolopo. Ngati ndi la galasi la 300 ml, atatu akukwana 900, lita sinakwane. Ndiye masiku ano mabotolo achuluka mitundu, wina atenga lalikulu wina laling'ono. Ine ndimakonda botolo la pulasitiki la madzi la 500 ml, kudzaza kawiri. Kuwiri n'kosavuta kukumbukira.

Wa Zaumoyo ku Mtakataka: Kwathu kunyanja kuno mabotolo amenewo alipo mbwee, koma kumapiri kwa anzathuwo apezeka nyumba iliyonse? Musamalankhule ngati muli m'tauni.

Namwino Nabanda: Apo mwanena zoona. Ndiye ofunsawo ayende nyumba khumi aone chomwe chilipo paliponse, achiyeze ndi jagi ya kuchipatala, chimenecho ndicho chilowe mu vidiyo.

Mphunzitsi Wopuma wa ku Nsipe: Lita timaphunzitsa ku pulayimale! Mwana wa sukulu aliyense akuidziwa. Mukuona tsono zomwe ndikunena?

Membala wosatchula dzina: Pepani anamwino, netiweki kuno ndi yokwera nayo pachulu. Ndimaionetsa pa foni yanga tsiku la sikelo, amayi amakhala mwina makumi anayi pansi pa mtengo, ine ndimaikweza m'mwamba. Sipika yake inagwera m'madzi ndiye imalira pang'ono. Za lita imodzi ndinanena ndi pakamwa ndipo ndinalembanso pansi pa chithunzi. Pojambula, mlamu wanga anati kuthira madzi m'jagi kukutenga nthawi, ndiye anadula. Chikuoneka ndi dzanja likung'amba paketi, kenako mayi akumwetsa mwana ndi kapu.

Nangozo wa ku Lizulu: Mayo ine. Ndiye mukadayamba ndi zimenezi, osati za thumba la chimanga!

Namwino Nabanda: Ndiye mayi uja sanalakwe. Ana akulira, sipika ndi yakufa, zilembo sawerenga, chomwe chinamufika ndi zithunzi zokha: paketi, kenako kapu. Anatsatira bwinobwino. Ife ozolowera kanema tikaona chithunzi chadumpha timadziwa kuti pakati pachitika zina, koma si aliyense amaganiza choncho, ndipo pa nkhani ya muyezo palibe chifukwa choti munthu aziganizira yekha.

Jambulaninso gawo limenelo osadula ngakhale pamodzi. Mayi asambe m'manja ndi sopo. Adzaze botolo ndi madzi owiritsa atazizira kapena othira kolorini, akhuthulire m'poto, adzazenso, akhuthulirenso. Kenako ang'ambe paketi, athire yonse m'poto momwemo, aikutumule kuti aliyense aone kuti yatha, atakase. Kapu isaoneke paliponse kufikira pamene akutunga m'potomo. Kamera ikhale patali pang'ono kuti mayi, botolo ndi poto zizioneka zonse pamodzi, chifukwa mukayandikitsa kwambiri munthu sadziwa ngati chiwiyacho ndi chachikulu kapena chaching'ono. Zitenge mphindi yathunthu, palibe vuto. Ndipo ikhale poto ya pamoto ngati ya kwawo, osati jagi ya mizeremizere yomwe kumudzi kulibe.

Mukatha, zimitsani mawu dala. Itanani amayi asanu kapena asanu ndi mmodzi osawerenga, omwe sanaionepo, mmodzimmodzi kuti asaonerane. Aonere, kenako muwapatse paketi, botolo, poto ndi kapu, muti "tandipangireni monga mwaonera". Musafunse kuti mwamva, chifukwa mwaulemu aliyense adzati eya. Yang'anani manja awo. Awiri akalakwitsa pamalo amodzi, pamenepo ndi pofunika kujambulanso.

Mphunzitsi Wopuma wa ku Nsipe: Ameneyo ndi mayeso, ndipo ine mayeso ndimagwirizana nawo. Koma muikemonso chithunzi cha kapu chokhala ndi mtanda wofiira, adziwe kuti n'kulakwa. Mtanda wofiira aliyense amauopa.

Nangozo wa ku Lizulu: Amauopa ndi amene anakhalapo m'kalasi mwanu. Apongozi anga anaona chithunzi chotere pa khoma la chipatala, anati mtandawo ukutanthauza kuti achipatala avomereza.

Namwino Nabanda: N'chifukwa chake ine cholakwika sindichionetsa n'komwe. Wina amayang'ana foni pa nthawi yomweyo, n'kutola chomwecho.

Jere Wojambula: Pangani ya zidole zojambula, imakoma ndipo simulipira osewera.

Wa Zaumoyo ku Mtakataka: Zidole anthu amaseka, amati ndi za ana. Koma munthu wa m'mudzi momwemo nayenso ali ndi vuto lake. Ife tinajambula mayi wina, anthu m'malo momvera ankakambirana za chitenje chake ndi za banja lake lomwe linatha. Tengani wa mudzi wina.

Jere Wojambula: Zidole zanga ku Ntcheu anazikonda, inu simunazione.

Membala wosatchula dzina: Nanga zinki nditani? Ndinaika kalendala ya masiku khumi koma ambiri amasiya tsiku lachitatu mwana akangosiya kutsekula.

Nangozo wa ku Lizulu: Ine si wachipatala, ndimagulitsa kachewere, koma kalendala ichotseni. Onetsani mbale ziwiri ndi nyemba khumi. Dzuwa latuluka, mayi wamwetsa, wasuntha nyemba imodzi. Ndipo mwanayo azioneka akusewera pofika nyemba yachinayi, mayi akumwetsabe.

Namwino Nabanda: Imeneyo nditengera kuntchito. Koma zinki ipangireni vidiyo yakeyake, chifukwa ili ndi msampha wake: mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi amamwa theka la piritsi, wopitirira apo lathunthu, kamodzi pa tsiku. Mphindi zisanu ndi ziwiri zija ndi mavidiyo atatu mwawapanikiza pamodzi. Yoyamba ikhale ya kusungunula ndi kumwetsa basi: pang'onopang'ono ndi supuni, akasanza kudikira mphindi khumi n'kuyambiranso, kuyamwitsa osasiya, ndipo madzi a Thanzi otsala akafika nthawi yomweyo mawa lake atayidwe, ndiwo maola 24. Yachiwiri ndi ya zinki ija, yachitatu ikhale ya zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala. Musanaitulutse muwaonetse a zaumoyo a dera lanu. Ndipo amayi makumi anayi pa foni imodzi ayi, agaweni asanuasanu.

Mphunzitsi Wopuma wa ku Nsipe: Nyemba! Tafika powerengera nyemba dziko lino. Ine ndanena, tsegulani sukulu za kwacha, mudzandikumbukira.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse. Mawa ndiyenda m'makomo kuona mabotolo. Koma vidiyo yakale ija ndinaitumiza kale pa WhatsApp kwa anthu a midzi itatu, ena anapatsirananso pa memore khadi. Imeneyo ndiibweza bwanji?

Wa Zaumoyo ku Mtakataka: Kubweza simungathe. Pitani kwa mafumu a midzi itatuyo alengeze, ndipo sikelo ikubwerayi musungunule paketi imodzi pamaso pa onse, poto ili pakati.

Kamnyamata ka pa Chimbiya: Nanga mlamu uja avomera kujambulanso ulere?